Kompyuta imodzi pashopu: ma apudeti tiwasiye azilowa okha kapena tiziika tokha?

Mwezi uliwonse, makamaka cha pakati pa mwezi, foni yanga imalira ndi nkhani yomweyomweyo. Wina ku Lizulu akuti bandulo yomwe anagula dzulo yatha asanatumize ngakhale imelo imodzi, wina pa Dedza boma pompano akuti kompyuta yangodzizimitsa yokha kasitomala ali chiimire kudikira kalata yake yofunsira ntchito, ndiye pali gulu lina lija limanena monyadira kuti "ife za ma apudetizo tinatseka kalekale" koma lero mafayilo a mufulashi onse asowa. Ndatopa kufotokoza pafoni mpaka mayunitsi kutha, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Ndikukamba za shopu yaing'ono ya fotokope, kutayipa ndi kupulinta, kapena golosale yomwe maakaunti ake ali pa kompyuta, kompyutayo ndi imodzi yokha, ili ndi Windows 10 kapena Windows 11, ndipo imagwiridwa ndi anthu atatu kapena anayi, mwini shopu, mtsikana wotayipa, ndi mphwake wa abwana yemwe amabwera madzulo "kudzangoona pang'ono". Intaneti ndi ya bandulo, kudzera pa hotisipoti ya foni kapena ka rauta.

## Otomatiki kapena manyuwo, kusiyana kwake kuli pati

Otomatiki ndiko kuisiya Windows mmene inabwerera. Imadawuniloda yokha, kuika yokha, n'kudzilisitata yokha. Ubwino wake palibe amene amayenera kukumbukira. Kuipa kwake, iyo sidziwa kuti bandulo ndi yogula ndi ndalama ya fotokope, sidziwa kuti magetsi azima nthawi yanji, ndipo sidziwa kuti lero ndi tsiku lomaliza la mafomu a sukulu.

Manyuwo ndiko kunena kuti tizipanga tokha. Pakamwa zimamveka bwino, koma pashopu ya anthu anayi aliyense amaganiza kuti mnzake wapanga, ndiye miyezi imangodutsa. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inatseka mafayilo a anthu m'mayiko ambirimbiri, chonsecho apudeti yotseka bowo lomwe inalowerapo inali itatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ambiri anali oti sanaike.

Ine zomwe ndimaika m'mashopu ndi zapakati: makina a apudeti musawaphe ayi, asiyeni amoyo, koma nthawi ndi bandulo zikhale m'manja mwanu, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika dzina ndi tsiku limodzi lodziwika pa kalendala. Izi zimatheka chifukwa Microsoft imatulutsa ma apudeti akuluakulu a chitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, kutanthauza pakati pa deti 8 ndi 14, ndipo kuno kwathu amafika madzulo cha m'ma 7 kapena 8 koloko. N'chifukwa chake mavuto ambiri amayamba Lachitatu m'mawa mukangoyatsa. Mukadziwa zimenezi basi theka la nkhani latha.

Tsopano tiyeni ku zizindikiro. Pa chilichonse ndayamba ndi chomwe ndimachipeza kawirikawiri.

## Bandulo ikungotha osadziwa komwe yapita

Musanakalipire mwana wa pashopu, yang'anani kaye. Pa Windows 11 pitani ku Settings > Network & internet > Advanced network settings > Data usage. Pa Windows 10 batani la Data usage lili pa Settings > Network & Internet > Status. Pamenepo muona mndandanda wa mapulogalamu ndi ma MB omwe aliyense wadya m'masiku 30 apitawa. Mukaona System kapena dzina lokhala ndi mawu oti Windows Update lili pamwamba, ndi ma apudeti. Mukaona kuti ndi Chrome, chabwino, mphwake wa abwana uja afotokoze za mpira womwe amaonera.

Zoyambitsa:

1. Netiweki simunaiuze kuti ndi ya bandulo. Ichi ndiye chachikulu. Windows ikaona wayifayi imaganiza kuti ndi intaneti yopanda malire. Pitani ku Settings > Network & internet > Wi-Fi, dinani dzina la netiweki yanu, muyatse Metered connection (pa Windows 10 palembedwa Set as metered connection). Zikatero ma apudeti ambiri amadikira kuti inuyo mudine Download.
2. Mwasintha foni. Setingi imeneyi imamatirira pa netiweki imodzi imodzi, osati pa kompyuta yonse. Munayatsa pa hotisipoti ya abwana, koma Lachitatu abwana apita kukaoda katundu ku Lilongwe, mtsikana walumikiza foni yake, ndiye kwa kompyuta imeneyo ndi netiweki yatsopano yaulere. Foni iliyonse yomwe imalumikizidwa pashopu muiyatsire payokha. Ndipo mukalumikiza foni ndi chingwe, kompyuta imaiona ngati Ethernet, ndiye mukayatsenso kumeneko.
3. Yabwera apudeti yaikulu ya pachaka. Ya mwezi ndi mwezi imakhala ma MB mazana angapo, mwezi wina kupyola 1 GB, koma yosintha mtundu wonse wa Windows itha kudya ma GB angapo kamodzi. Pa Windows 11 thimitsani Get the latest updates as soon as they're available, shopu siifunika kukhala patsogolo pa mzere.
4. Kompyuta ikugawira ena. Pa Windows Update > Advanced options > Delivery Optimization pali kabatani kolola kutenga ndi kugawana zidutswa za ma apudeti ndi makompyuta ena. Inu muli ndi imodzi yokha, thimitsani.

Chenjezo limodzi: Metered connection siitseka zonse, ma apudeti ena omwe Windows yawaona kuti ndi ofunika kwambiri amalowabe, komanso mapulogalamu ena monga Chrome amadzipangira apudeti mwa njira yawoyawo. Ndiye bandulo idzachepa kudyedwa koma osati kusiyiratu.

## Ikudzilisitata yokha, kapena m'mawa ikungolemba kuti Working on updates

Apa ndi pomwe anthu amapsa mtima n'kutseka zonse. Koma taonani zomwe zimachitika. Apudeti ikadawunilodedwa imafuna kompyuta izime n'kuyakanso kuti imalize. Windows imafuna kuchita zimenezi nthawi yomwe inu simukugwira ntchito, usiku. Koma pashopu usiku kompyuta imakhala yozima, ena amazula ndi pulagi yomwe kuopa mphezi, ndiye mpata siipeza. Ntchitoyo imangokhala ikudikira mpaka tsiku lina idzagwere pa nthawi yoipa.

Zoyambitsa:

1. Wotseka shopu amathawa Update and shut down. Madzulo aliyense ali pa changu, kunja kwayamba kuzizira mmene kumachitira kuno mu Juni, ndiye amangodina Shut down wamba kapena kungothimitsa pakhoma. Mukaona kadontho kachikasu pa batani lozimitsira, dziwani kuti pali ntchito yodikira. Sankhani Update and shut down, mudikire mpaka izime yokha, kenako muzule.
2. Active hours siinaikidwe. Awa ndi maola omwe Windows imalonjeza kuti siidzilisitata. Ali pa Windows Update > Advanced options > Active hours (pa Windows 10, Change active hours). Musasiye kuti izidzisankhira yokha, ikani pamanja. Imalola mpaka maola 18, ndiye ine ndimaika kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ngakhale shopu imatseka 6, chifukwa nyengo ya mayeso anthu amagwira mpaka usiku.
3. Get me up to date ndi yoyatsa. Kabatani aka ka pa Windows 11 kamauza kompyuta kuti ilisitate msangamsanga ngakhale mkati mwa maola a ntchito. Thimitsani, m'malo mwake muyatse Notify me when a restart is required to finish updating.
4. Wina anadina Restart now osawerenga. Pa kompyuta ya anthu ambiri izi sizisowa. Mankhwala ake ndi kapepala komata pambali pa sikirini basi.

Ngati ikuzima mwadzidzidzi popanda uthenga uliwonse wa apudeti, kungoti thii, kangapo pa tsiku, imeneyo si nkhani ya apudeti. Kawirikawiri ndi kutentha chifukwa cha fumbi lodzaza mu fani, kapena bokosi la moto la mkati layamba kufa. Itanani wokonza.

## Yakakamira pa peresenti imodzi, kapena magetsi azima ili mkati

Ichi ndi chomwe chimandiopsa ine pa otomatiki kuno kwathu, kuposa za bandulo. Kudawuniloda kukadukira palibe vuto, imadzapitiriza. Choopsa ndi nthawi ija sikirini yalemba kuti musazimitse kompyuta, chifukwa apo ikusintha mafayilo enieni a Windows.

Ngati yangokakamira magetsi alipo, choyambitsa chachikulu ndi disiki yakale yozungulira ija, yomwe imachedwa mwachibadwa. Kukhala pa 30% kwa theka la ola kapena ola si zachilendo. Yang'anani kagetsi kakang'ono ka disiki kutsogolo kwa bokosi, ngati kakuphethira ndiye kuti ntchito ili mkati, pitani mukamwe tiyi. Ine ndimapereka maola awiri athunthu. Chachiwiri ndi zolumikiza, pulinta, fulashi, sikana, nthawi zina zimasokoneza, zulani zonse kusiya kiyibodi ndi mawusi. Pokhapokha maola awiri atadutsa, kagetsi katazimiratu, m'pamene mungakanikize batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti izime, n'kuyatsanso.

Ngati magetsi azima ili mkati, akabwera yatsani n'kuisiya. Nthawi zambiri imalemba kuti Undoing changes made to your computer, imadzilisitata kawiri katatu n'kubwerera mwakale. Osaithandiza.

Ikakanika kuyaka kangapo motsatizana imakupatsani sikirini ya Automatic Repair. Pamenepo njira ndi Advanced options > Troubleshoot > Advanced options > Uninstall Updates > Uninstall latest quality update. Izi zimachotsa apudeti yomaliza yokha, mafayilo anu sizikhudza.

Lekerani pomwepo, itanani wodziwa, ngati:

- yabwereranso pa sikirini yomweyo mutayesa kamodzi
- mukumva kaphokoso ka "tiki tiki" mkati, imeneyo ndi disiki ikufa ndipo kuyatsa kulikonse kukuchepetsa mwayi wopulumutsa mafayilo
- chala chayamba kulowera ku Reset this PC, chifukwa mukasankha Remove everything ma CV onse a makasitomala ndi buku la ngongole zapita

Ngati kompyuta yanu ndi ya pathebulo yopanda batire, kabokosi kosunga moto kaja kolembedwa UPS kamathandiza, koma dziwani malire ake, tating'ono tomwe timapezeka m'mashopu timasunga mphindi zochepa chabe, ndipo batire yake ikakalamba ndiye basi kungolira n'kuzima. Ndi kokwana kuseva ntchito n'kuzimitsa bwino, si kokwana kumalizitsa apudeti. Laputopu yokhala ndi batire yabwino apa imaposa.

## Pulinta yasiya kugwira apudeti itangolowa

Kwa shopu ya zopulinta, apa ndiye pa mtima. Ndipo ndisaname, nthawi zina apudeti imalakwadi: mu Malichi 2021 apudeti ya KB5000802 inkagwetsa makompyuta ena pa sikirini ya buluu munthu akangodina Print pa mitundu ina ya mapulinta, mpaka Microsoft inatulutsa ina yokonza patangopita masiku ochepa. N'chifukwa chake ine sindiika tsiku lomwe yatuluka, ndimadikira masiku anayi kapena asanu kuti ngati pali vuto ena alipeze kaye. Komabe pa maulendo ambiri omwe ndaitanidwa, wolakwa sanali apudeti.

1. Ntchito yakale yatsekereza mzere. Kompyuta inalisitata pepala lina lili m'njira, ndiye zonse zobwera pambuyo zangoima. Zimitsani pulinta, tsekulani Command Prompt posankha Run as administrator, mulembe mizere iyi umodzi umodzi:

```
net stop spooler
del /Q %systemroot%\System32\spool\PRINTERS\*.*
net start spooler
```

Kenako yatsani pulinta muyese pepala limodzi.

2. Ikutumiza ku pulinta yolakwika. Yang'anani dzina pa bokosi la Print, mupeza palembedwa Microsoft Print to PDF kapena dzina la pulinta yanu lokhala ndi (Copy 1) kumapeto, zomwe zimachitika chingwe chikasunthidwa kupita pa bowo lina. Pa Printers & scanners thimitsani Let Windows manage my default printer, musankhe nokha yoyenera.
3. Dalaivala yasinthidwa. Dalaivala ndi kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi pulinta. Chizindikiro chake n'chakuti ikupulinta koma zosankha zina zasowa, monga kupulinta mbali zonse kapena kuona inki, kapena sikana yasiya. Chotsani pulintayo pa mndandanda n'kuikanso ndi dalaivala ya kampani yomwe inaipanga. Dalaivala imeneyi izikhala pa fulashi mu diloo, musamadzaifune pa intaneti tsiku la vuto. Ndipo pa Optional updates, ma dalaivala omwe ali pamenepo musamawakhudze ngati zinthu zikuyenda.
4. Apudeti yeniyeniyo. Ngati zitatuzi zakanika ndipo tsiku lomwe vuto linayamba likufanana ndi deti ya pa Update history, pitani ku Windows Update > Update history > Uninstall updates, muchotse yomaliza, mulembe nambala yake ya KB pa pepala. Kenako dinani Pause updates kwa sabata imodzi kapena ziwiri, apo ayi ibwereranso usiku womwewo. Ngati inali yaikulu ya pachaka ija, pali batani la Go back pa Recovery, koma limagwira masiku 10 okha.

## Mwadina Check for updates koma ikukana

Iyi ndi ya anthu a manyuwo, tsiku lomwe akumbukira.

Choyamba onani malo pa disiki C:. Kompyuta ya pashopu imadzaza ndi zithunzi za maukwati, masikani ndi nyimbo za aliyense. Ikakana n'kukuonetsani nambala ya 0x80070070, imatanthauza zimenezi basi, malo atha. Samutsani zakale, ine ndimafuna pakhale 20 GB yopanda kanthu ndisanayambe. Chachiwiri deti ndi nthawi, pa makompyuta akale kabatire kozungulira ka mkati, CR2032, kakatha mphamvu deti imabwerera zaka zambuyo magetsi akangozima, ndipo deti ikalakwika kompyuta siigwirizana ndi maseva, ngakhale masamba ena pa intaneti amakana. Konzani deti, kabatireko musinthitse. Chachitatu netiweki yodukaduka, sunthirani foni pa windo kapena dikirani usiku.

Zonsezi zili bwino koma ikukanabe, mwina zomwe inadawuniloda theka zaonongeka. Mu Command Prompt ya administrator:

```
net stop wuauserv
net stop bits
ren C:\Windows\SoftwareDistribution SoftwareDistribution.old
net start bits
net start wuauserv
```

Izi zimaichititsa kuyambiranso kudawuniloda, ndiye onetsetsani kuti bandulo ilipo yokwanira. Mukayesa kamodzi nambala yomweyo n'kubweranso, jambulani sikirini ndi foni mutumizire wokonza. Musamakopere malamulo ena aliwonse omwe mwawapeza osadziwa ntchito yake.

## Palibe vuto lililonse, kompyuta yakhala chete kwa miyezi

Chizindikiro ichi palibe amene amandiimbira nacho, koma ndi chomwe ndimachiopa. Tsekulani Update history muone deti ya apudeti yomaliza. Ngati padutsa miyezi iwiri kapena kuposa, pali china chake.

Kawirikawiri ndi kuti munayatsa Metered connection n'kuiwala, ndiye kompyuta ikungodikira munthu woti adine. Apa pali kamsampha, Microsoft Defender, yomwe imagwira ma vayirasi, imalandira mndandanda watsopano pafupifupi tsiku lililonse, ndipo pa netiweki ya bandulo itha kutsalira. Shopu yomwe imalandira mafulashi khumi pa tsiku kuchokera kwa ana a sukulu ndi aphunzitsi siingadikire mwezi. Ndiye m'mawa uliwonse, kapena bola katatu pa sabata, wotsekula shopu apite ku Windows Security > Virus & threat protection > Protection updates > Check for updates. Ndi tinthu tating'ono, sitimaliza bandulo.

Kachiwiri, wina anaphera makina a apudeti dala, mwina amene anakugulitsani kompyuta kapena mnyamata wina "wodziwa". Mukaona uthenga woti setingi zina zikulamulidwa ndi bungwe lanu pamene bungwe ndi inu nomwe, kapena batani la Check for updates likungopereka nambala nthawi yomweyo, itanani wokonza adzatsekule.

Kachitatu, Windows yanu yatha nthawi yake. Kuti muone mtundu wa Windows yanu, dinani batani la Windows ndi R, mulembe izi:

```
winver
```

Microsoft inasiya kupereka ma apudeti wamba a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Inatsekula ndondomeko yoonjezera yotchedwa Extended Security Updates ya omwe ali pa mtundu wa 22H2, koma imafuna kulembetsa ndipo nayo ndi ya kanthawi. Windows 7 ndiye inatha mu Januwale 2020. Pa makompyuta omwe anasiya kulandira ma apudeti funso la otomatiki kapena manyuwo lilibenso ntchito chifukwa choti chilowe palibe. Windows 11 imafuna 4 GB ya memole, disiki ya 64 GB ndi kachipangizo ka TPM 2.0, ndipo makompyuta ambiri akale omwe ali m'mashopu mwathu alibe. Ngati ili yotero, bola muichotse pa intaneti izingotayipa ndi kupulinta, za banki ndi maimelo muzipangira pa foni, uku mukusunga ya ina.

## Mmene tinakonzera pa shopu ya alamu anga ku Ntcheu

Alamu ali ndi shopu ya fotokope pafupi ndi msewu wa M1, kompyuta ya pathebulo ya Windows 11, disiki yakale, ogwira ntchito awiri. Anandiimbira Lachitatu lina kuti "alamu, bwerani mudzangotseka zimenezi, zandikwana". Bandulo ya 5 GB inali itatha m'masiku awiri, ndipo m'mawa umenewo kompyuta inakhala ola lathunthu ikuzungulira aphunzitsi atatu akudikira mayeso awo.

Nditayang'ana pa Data usage ndinapeza kuti pafupifupi 3 GB yapita ndi System. Hotisipoti ya alamu inali ndi Metered connection bwinobwino, ndinayatsa ndine chaka chatha, koma sabata imeneyo ankagwiritsa ntchito foni ya mtsikana wotayipa, ndipo inali sabata ya Lachiwiri lachiwiri, pamwamba pake panali zotsalira za miyezi itatu zomwe palibe anadina. Ndiye otomatiki ndi manyuwo onse anali atawaluma nthawi imodzi.

Ndinawauza kuti alamu kutseka sinditseka, koma tichite izi. Mafoni onse atatu tinawayatsira Metered connection. Active hours 5 mpaka 10. Tinapanga maakaunti awiri, ya alamu ya Administrator yokhala ndi pasiwedi, ndi ina ya Standard ya ntchito ya tsiku ndi tsiku, kuti asamangoika aliyense mapulogalamu ake. Kenako tinatenga kalendala ya pakhoma n'kuzunguliza Lamlungu loyamba pambuyo pa Lachiwiri lachiwiri, mwezi uliwonse mpaka Disembala, n'kulemba dzina la mtsikana uja, chifukwa iye ndi amene amakhala pafupi ndipo alamu ndimawadziwa, amaiwala.

Tsiku limenelo, akaweruka ku tchalitchi, ntchito yake ndi iyi:

1. Kukopera foda ya makasitomala ndi fayilo ya maakaunti pa fulashi yapadera yomwe siilowa mu kompyuta ina iliyonse.
2. Kuona kuti magetsi alipo ndipo si nthawi yomwe akhala akuzima sabata imeneyo, komanso kulibe mabingu. Ngati pali chikaiko, mawa madzulo.
3. Kugula bandulo ya 2 GB ya ntchito imeneyi yokha, kudina Check for updates, kenako Download.
4. Kulisitata, kudikira, n'kudinanso Check for updates kachiwiri chifukwa zina zimabwera zinzake zikamaliza.
5. Kupulinta pepala limodzi, kusikana limodzi, kutsekula fayilo ya maakaunti, n'kuchonga pa kalendala.

Zimamutengera ola limodzi ndi theka, mwezi wina awiri. Pause updates tinagwirizana kuti ndi ya sabata yotanganidwa yokha, monga ya mayeso a teremu, chifukwa imalola masabata asanu basi ndipo ikatha Windows imafuna muike kaye zonse musanaimitsenso, ndipo kuthako kutha kugwera Lolemba m'mawa.

Si shopu iliyonse yofunika zonsezi. Ngati muli ndi laputopu ya batire yabwino, intaneti yolipira pamwezi yopanda malire, ndipo simudalira pulinta yakale, isiyeni pa otomatiki, ikani Active hours, basi. Komanso ngati mukudziwa mumtima kuti palibe amene adzasunge tsiku la pa kalendala, otomatiki yomweyo ndi yabwinoko, bola kulira bandulo.

## Ikafunsa BitLocker recovery key

Iyi ndaiika payokha chifukwa apa palibe zoyesayesa. Makompyuta ena, makamaka malaputopu atsopano, amakhoma disiki okha munthu akalowa ndi akaunti ya Microsoft, ndipo nthawi zina pambuyo pa apudeti kapena kusintha kwa zamkati amafunsa kiyi ya manambala 48 pa sikirini ya buluu. Popanda kiyi imeneyo palibe wokonza amene angatulutse mafayilo, kaya wa ku Lilongwe kaya wa ku Blantyre. Kiyiyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft yomwe inalowa koyamba pa kompyutayo, ndipo imaoneka pa account.microsoft.com/devices/recoverykey mukalowa pa foni.

Vuto pa shopu n'lakuti akauntiyo nthawi zambiri ndi ya munthu amene anaika Windows, kapena wantchito yemwe anachoka chaka chatha. Ndiye onani lero kompyuta idakayaka: pa Settings > Privacy & security fufuzani Device encryption, pa Windows 10 imakhala pa Update & Security, ngati ilipo ndipo ndi yoyatsa, pezani kiyiyo, muilembe pa pepala, musunge kunyumba osati mu diloo ya pashopu. Ngati sikiriniyo yabwera kale ndipo kiyi mulibe, musalole aliyense kufomata kaye, yambani mwafufuza amene anakuikirani Windows mumufunse imelo yomwe anagwiritsa ntchito.